Lipoti la mjigo la masamba 34, bwana akufuna tsamba limodzi

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni. Bungwe lathu linakumbitsa mjigo cha ku Khombedza, cholinga tiike pampu ya sola, thanki ndi mipopi ya sukulu ya pulayimale ndi midzi iwiri yoyandikana nayo. Anthu onse ndi pafupifupi 1,000. Oyeza abweretsa lipoti la masamba 34, matebulo ndi magilafu okhaokha. Bwana wanga anaphunzira za ndalama, za madzi sazidziwa, ndipo akuti ndiwalembere chidule cha tsamba limodzi pofika Lachisanu chifukwa akufuna kusayina zogula pampu. Ndayamba chonchi: "Lipotili likufotokoza ntchito yoyeza mjigo imene inachitika mu Epulo. Mjigo ndi wakuya mamita 48. Madzi anapezeka pa mamita 7. Kuyeza kunachitika m'magawo atatu." Ndafika pamenepo ndaima, ndikuona kuti ndikungokopera lipoti lomwelo.

A Mbewe a ku Chipoka: Mwanawe, tisanafike pa kalembedwe, bwana wakoyo Lachisanulo akufuna kuchita chiyani kwenikweni? Wati kusayina. Kusayina pampu yaikulu bwanji, yoti itunge madzi ochuluka bwanji pa tsiku?

Nachisale: Tinawerengera malita 20 munthu aliyense, ndiye malita 20,000 pa tsiku. Pampu yomwe ili pa pepala la mitengo ndi ya malita 1.5 pa sekondi, chifukwa okumba anatiuza tsiku lomwe anamaliza kuti mjigowo ukutulutsa 1.5.

A Mbewe a ku Chipoka: Nanga oyeza alemba kuti tizipopa zingati? Yang'ana cha kumapeto, kawirikawiri amabisa pa tsamba la malangizo.

Nachisale: Ndapeza, tsamba 29. Akuti malita 0.6 pa sekondi, osapitirira maola 12 pa tsiku.

A Mbewe a ku Chipoka: Basi, chiganizo chako choyamba ndi chimenecho, ndipo chinali pa tsamba 29. Bwana akufuna kusayina pampu ya 1.5 pomwe mjigo ungapirire 0.6. Kuya kwa mjigo, tsiku loyeza ndi magawo atatu aja adikire. Munthu wotanganidwa amawerenga mizere iwiri yoyamba ali chiimire, foni ikulira. Mizere iwiriyo ikakhala ya mamita 48, asayina pampu yolakwika ali ndi chidule chako m'manja.

Che Juma: Pepani ndalowerera. Mjigo wa mamita 48 masiku ano akukumba ndalama zingati? Kwathu ku Maganga tikusonkha.

Nachisale: Che Juma, ndikutumizirani kumbali, apa tisasokoneze.

Yusufu wa ku Senga Bay: Ine maganizo anga, achemwali, chotsani manambala onse. Bwana wosadziwa za madzi mukamulembera 0.6 ndi 1.5 mwamutaya kale. Ingolembani kuti mjigo uli ndi madzi koma ndi ochepa, pampu ichepe. Mizere itatu, mwamaliza.

A Gondwe: A Yusufu, ineyo ndine mmodzi wa mabwana osadziwa amene mukuwanenawo, ndimayang'anira nthambi ya bungwe lobwereketsa ndalama, malipoti a amisiri amandipeza. Mawu oti "ochepa" sandithandiza. Ochepa motani? Oti tisiye ntchito yonse, kapena oti mpopi umodzi uchotsedwe? Nambala ndimaifuna, koma ikhale nambala yoti ndikhoza kuiona m'maso. Malita pa sekondi sindinawaonepo. Anthu ndi zidebe ndimaziona tsiku ndi tsiku.

A Mbewe a ku Chipoka: A Gondwe alasa. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ola lili ndi masekondi 3,600. Tikachulukitsa ndi 0.6 tipeza malita 2,160 pa ola. Pampu ya sola tinene kuti ikugwira bwino maola 6 pa tsiku, ndiye malita 12,960. Gawa ndi 20, upeza 648. Ndiye kuti zidebe 648 za malita 20, kapena madzi a anthu pafupifupi 650 mwa 1,000 aja. M'chidule usalembe 12,960, lemba "pafupifupi 13,000". Ukalemba mpaka 960 yakumapetoyo bwana aganiza kuti wina anakhala pa thanki n'kumawerenga, chonsecho ndi zoyerekeza chabe.

Ndiye pali china chomwe uyenera kuchita ngakhale chimadya malo. Bwana wakoyo ali kale ndi nambala m'mutu, 1.5 ija. Mwina anaiuzanso a komiti ndi amfumu. Ukangolemba 0.6 osatchula 1.5, iye aganiza kuti wina walakwitsa, ndipo akhulupirira nambala yaikuluyo chifukwa ndi yokoma. Mufotokozere m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri kusiyana kwake.

Nachisale: Kusiyanako ndi kumene ineyo sindikukumvetsa, bambo. Onse awiri anayeza mjigo womwewo.

A Mbewe a ku Chipoka: Okumba akamaliza amauzira mpweya wa kompulesa pansi, madzi n'kumatumphuka, iwo n'kutchera chidebe n'kuwerenga masekondi. Zimatenga kanthawi kochepa, ndipo ena mwa madzi otulukawo ndi amene anali atadzaza kale mu dzenjemo ndi m'mbali mwake. Nambala imeneyo ndi yongopatsa chithunzi. Oyeza amaika pampu yeniyeni, n'kupopa osalekeza, akuyang'ana mmene madzi akutsikira. Tawerenga tebulo la kupopa kwa nthawi yaitali. Anapopa zingati, maola angati, madzi anatsika kuchoka pati kufika pati?

Nachisale: Anapopa 0.8 kwa maola 24. Madzi anachoka pa mamita 7 kufika pa mamita 29, ndipo alemba kuti anali akutsikabe pang'onopang'ono pamene ankazimitsa. Mtsempha waukulu wa madzi uli pa mamita 33. Poyamba atayesa 1.2, madzi anafika pakamwa pa pampu ola lisanathe.

A Mbewe a ku Chipoka: Waona? Pa 1.2 pampu inatsala pang'ono kumeza mpweya ola lisanathe, ndiye 1.5 ingatani? Pa 0.8 madzi anali asanakhazikike, atatsala mamita 4 okha kufika pa mtsempha. N'chifukwa chake abwerera pa 0.6, kusiya malo. Koma zonse ndanenazi, mamita 29, mamita 33, m'chidule zisalowe. Izi ndi zako, kuti akakufunsa uyankhe. Kwa bwana lemba zotsatira zake: pampu yaikulu idzaphwetsa mjigo, idzayamba kukoka mpweya, ndipo ikhoza kupsa. Mawu oti kupsa amawamva aliyense amene anagulapo pampu.

Kondwani Mmisiri: Zofanana ndi zimene zinandichitikira pa nyumba ina ku Nkhotakota. Tinatumiza timabokosi ta konkire kokayezetsa, zotsatira za masiku 7 zinabwera zili pansi pa mlingo wa pa pulani. Kalaliki analembera mwini nyumba kuti konkire yalephera. Bambo aja anabwera ndi ukali kuti tigumule. Chonsecho mlingo wa pa pulani ndi wa masiku 28, pa masiku 7 konkire imakhala isanafike mphamvu yake yonse. Chidule chinali chachifupi bwino, koma chinasiya mawu awiri okha, "masiku 7".

A Mbewe a ku Chipoka: A Kondwani, nkhani yanu yatifikitsa pa Epulo uja. Nachisale, m'chiyambi chako unalemba kuti anayeza mu Epulo ngati mbiri chabe. Mweziwo ndi chenjezo. Mu Epulo mvula yangotha kumene, madzi a pansi ali pamwamba. Pofika Okutobala ndi Novembala, dzuwa la kuno ku Salima lija litaswa mtengo, amakhala atatsika, komanso ndi nthawi yomwe anthu amatunga kwambiri. Lipoti silinaone mjigowo m'chilimwe. Zimenezo bwana azidziwe, osati kuti achite mantha, koma kuti asalonjeze amfumu zinthu zomwe sizinayezedwe.

Yusufu wa ku Senga Bay: Koma a Mbewe, maola 6 anuwo mwawatenga kuti? Kuno dzuwa limatuluka molawirira pa nyanja. Mukawonjezera mapanelo pampu imayamba m'mamawa n'kufika madzulo. Ine ndaikapo zotere, maola 8 amatheka.

A Mbewe a ku Chipoka: Apo mwanena zoona, ndipo 6 uja sali mu lipoti, ndamuika ndine. N'chifukwa chake m'chidule alembe poyera kuti "tikawerengera maola 6 a dzuwa". Wowerenga adziwe nambala yoyezedwa ndi nambala yongoganizira. Koma ngakhale titenge 8 wanuyo, 2,160 kuchulukitsa ndi 8 ndi malita 17,280. Sanafikebe 20,000. Kuti afike pakufunika maola opitirira pang'ono 9. Oyeza alola mpaka 12, ndiye mjigo ungathe, chosowa ndi mphamvu yoyendetsera pampu dzuwa likapendeka. Yankho la bwana silisintha, pampu ya 1.5 asasayine.

Yusufu wa ku Senga Bay: Chabwino, koma ine ndikanalemba 8. Mukalemba 6 mukuchepetsa ntchito ya sola.

Nachisale: Ndilemba 6 n'kuwonjezera kuti woika sola atiuze maola enieni. Tsopano pali gawo lachiwiri, la ubwino wa madzi. Tebulo lili ndi mizere yoposa 20. Mzere uliwonse alemba kuti wakwanira pa mlingo wa dziko lino wa madzi a m'mijigo, MS 733. Ndingolemba kuti madzi ndi abwino kumwa?

Mayi Nankhoma: Musanalembe choncho, achemwali, tandiwerengereni mzere wa fulorayidi.

Nachisale: Mamiligalamu 2.3 pa lita. Mlingo alemba 6.

Mayi Nankhoma: Ndimaganiza. Ine ndimagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi, ndipo ana a mano a mawanga achikasu ndi ofiirira ndawaona. Mlingo wa MS 733, wa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime, ndi 6 zoona. Koma bungwe la WHO limati fulorayidi asapitirire 1.5. Kupitirira pamenepo, ana aang'ono amene mano awo akukula amayamba mawanga, ndipo mawangawo sachoka. Madzi anuwa akupita ku sukulu ya pulayimale ndi m'makomo momwe muli makanda. Mukalemba kuti "abwino kumwa" basi, simunaname pa lamulo, koma mwabisa chinthu chimene kholo likanafuna kumva.

Che Juma: Si angothira kolorini mu thankimo? Kapena aziwiritsa.

Mayi Nankhoma: Ayi Che Juma. Kolorini amapha tizilombo, fulorayidi ndi mchere wochokera m'miyala ya pansi, sakufa. Kuwiritsa ndiye kumangouma madzi, mcherewo n'kutsala momwemo.

Yusufu wa ku Senga Bay: Koma abale, tsamba ndi limodzi. Dziko lathu lili ndi mlingo wake, madzi akwanira. Mukayamba kulowetsa za WHO bwana asokonezeka, aimitsa ntchito, anthu apitiriza kumwa madzi a pa dambo omwe ali ndi kolera. Chabwino n'chiti?

A Mbewe a ku Chipoka: Funso lanu ndi lenileni, a Yusufu, koma woyankha si Nachisale. Kuyerekeza vuto la mawanga a mano ndi la madzi a pa dambo, n'kusankha, ndi ntchito ya bwana ndi komiti yake pamodzi ndi a zaumoyo. Wolemba chidule akachotsa mzere umenewu ndiye kuti wawasankhira mwakachetechete. Mizere 20 ina ija aiphatikize m'chiganizo chimodzi, kuti zina zonse zakwanira. Uwu wokha auike padera, ndi milingo yonse iwiri, ndi tanthauzo lake pa mwana. Komanso pali kafunso komwe oyeza sanakakhudze. MS 733 ndi wa mjigo. Madziwa akalowa mu thanki n'kumagawidwa m'mipopi, pali mlingo wina wa madzi akumwa, MS 214, womwe ndi wokhwima kuposa uwu. Ndi uti ugwire ntchito pano, afunse ku ofesi ya zamadzi pa boma asanalembe mawu oti "akwanira" ndi mtima wonse.

Tsopano ona mzere wa tizilombo ta E. coli. Usangoona nambala, ona tsiku ndi ola lomwe anatunga, ndi ola lomwe botolo linafika ku labu.

Nachisale: E. coli ndi 0. Anatunga Lachiwiri 9 koloko m'mawa, botolo linalandiridwa Lachitatu 3 koloko masana. Za ayezi sanalembe kalikonse.

A Mbewe a ku Chipoka: Maola 30 amenewo. Botolo loyezera tizilombo limayenera kuyenda mozizira, lifike m'maola 6 ngati n'kotheka, ndipo likapitirira maola 24 zotsatira zake sitizidalira. Tizilombo tikhoza kufa m'njira kapena kuswana. Ndiye 0 ameneyu ndi wokayikitsa. Fulorayidi alibe vuto limeneli, sasintha chifukwa chogona m'botolo. Mjigo watsopano wotsekedwa bwino nthawi zambiri umakhaladi woyera, koma lipotili silinatsimikize. Kuyezanso ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi pampu, ndipo botolo lachiwiri la fulorayidi lipitire limodzi.

A Gondwe: Ndipemphe chimodzi m'malo mwa mabwana anzanga. Mukatipatsa mavuto atatu, tipatseninso chochita pa lililonse, ndani achite, liti. Chidule chimene chimangondiuza kuti zinthu sizili bwino ndimachiika m'kabati. Ndipo musandilembere kuti "kungakhale koyenera kuganizira". Nenani kuti musasayine, kapena sayinani.

Nachisale: Ndalembanso. Onani:

"Chidule cha zotsatira za kuyeza mjigo

Musasayine pampu ya malita 1.5 pa sekondi. Mjigo uli ndi madzi, koma ungapirire malita 0.6 okha pa sekondi. Pampu yaikulu idzauphwetsa, idzakoka mpweya ndipo ikhoza kupsa. Nambala ya 1.5 imene tinamva inali yongoyerekeza ya okumba, ya kanthawi kochepa. Ya 0.6 yachokera pa kupopa kwa maola 24.

Tikawerengera maola 6 a dzuwa, tidzapeza malita pafupifupi 13,000 pa tsiku, okwanira anthu pafupifupi 650 mwa 1,000. Kuti onse akwane, pampu iyenera kugwira maola opitirira 9, zomwe mjigo ungathe koma sola yokha mwina singathe. Kuyezaku kunachitika mu Epulo mvula itangotha, choncho m'chilimwe madzi akhoza kuchepa.

Madzi akwanira pa mlingo wa dziko lino wa mijigo. Koma ali ndi fulorayidi 2.3, pomwe mlingo wathu wa mijigo ndi 6 ndipo wa WHO ndi 1.5. Ana aang'ono akamamwa madzi otere kwa zaka akhoza kukhala ndi mawanga m'mano. Zotsatira za tizilombo zikuonetsa 0, koma sitingazidalire chifukwa botolo linachedwa kufika ku labu.

Zofunika kuchita: ogulitsa atipatse mtengo watsopano wa pampu ya 0.6 ndi maola enieni a sola sabata yamawa. Oyeza atungenso madzi a tizilombo ndi fulorayidi mwezi uno. Inu ndi komiti musankhe pakati pa kuchepetsa mipopi, kuwonjezera mphamvu ya magetsi, kapena kukumba mjigo wachiwiri. Manambala onse ali pa masamba 12, 21 ndi 29 a lipoti."

A Gondwe: Ichi ndiye ndingawerenge mpaka pansi. Chosowa ndi ndalama. Njira zitatu mwandipatsazo, iliyonse idya zingati? Popanda zimenezo sindingasankhe.

A Mbewe a ku Chipoka: Apa ndisiyana nanu pang'ono, a Gondwe. Mu lipoti la oyeza mulibe mitengo. Akaika mitengo ya m'mutu pa tsamba lomwe likuti ndi chidule cha lipoti, mawa idzatchulidwa pa msonkhano ngati yachokera kwa akatswiri. Alembe kuti mitengo ibwera padera, tsiku lakuti.

A Gondwe: Ndiye alembe ngakhale kuti iyi ndi yotchipa, iyi yapakati, iyi yodula. Zimenezo amadziwa aliyense. Tsamba lopanda fungo la ndalama bwana wa zandalama salimva.

A Mbewe a ku Chipoka: Zimenezo ndingalole, bola pasakhale nambala. Nachisale, konza ziwiri. Pa fulorayidi walemba 2.3 wopanda muyezo, ika "mamiligalamu pa lita" kamodzi, wina adzatenga tsambali kupita nalo kwa a zaumoyo. Ndipo mawu oti "mwina singathe" ndi ako, osati a oyeza, choncho zioneke kuti ndiwe ukunena. Ukamaliza tumiza tsambali kwa amene analemba lipoti, umufunse funso limodzi lokha, ngati pali chiganizo chomwe akuchikana. Amisiri akaona manambala awo atafupikitsidwa amadandaula, zimenezo usazimvere. Koma akati tanthauzo lapotoka, mvera.

Mayi Nankhoma: Ine dandaulo langa ndi malo. Fulorayidi ali m'ndime yachitatu. A Mbewe mwanena nokha kuti bwana amawerenga mizere iwiri ali chiimire. Pampu ikapsa mugula ina. Mano a mwana simugula. Ndikanakonda chiganizo choyamba chinene zonse ziwiri.

A Mbewe a ku Chipoka: Mayi, ndikukumvani. Ndaika pampu patsogolo chifukwa ndi yomwe ikusayinidwa Lachisanu, pomwe madzi sayamba kumwedwa mpaka mipopi itatha. Chiganizo choyamba chikanyamula katundu awiri, wina amagwa.

Mayi Nankhoma: Koma zotsatira zachiwiri zikabwera zili 2.3 yemweyo, mwina ntchito yonse isintha, mwina madzi akumwa a ana achokere kwina. Ndiye ngakhale pampu ya 0.6 idikire. Si nkhani ya Lachisanu imeneyo?

Yusufu wa ku Senga Bay: Mwaona, tsamba limodzi lija layamba kutupa.

Nachisale: Ndiyesa chonchi pamwamba penipeni: "Musasayine pampu Lachisanu. Yomwe ili pa pepala ndi yaikulu kuposa mphamvu ya mjigo, komanso madzi akufunika kuyezedwanso." Kenako ndime zija zitsatire mmene zilili. Mayi Nankhoma, zakwanira?

Mayi Nankhoma: Zasinthako. Ndikanakondabe mawu oti ana aoneke pamwambapo, koma tumizani kaye kwa oyeza timve zomwe anene.

Che Juma: Achemwali, za mtengo wa mjigo zija musaiwale. Ndipo mundiuzenso kumene anayezetsa fulorayidiyo, wathu tikakumba tiyezetse tisanagule kalikonse.